Woyesa amamva phatikizo lomwe mwatsindika

Aphunzitsi ambiri a m'masukulu a zilankhulo ziwiri ku Tete ndi ku Nyasa amalankhula Chinyanja ndi Chipwitikizi tsiku lililonse, ndipo Chingerezi chimabwera ngati chilankhulo chachitatu. Ena mwa inu mumakonzekeretsa ana mayeso olankhula Chingerezi, ena mukukonzekera nokha mayeso monga a IELTS kuti mukapitirize maphunziro kunja. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti: "Mawuwo ndimawadziwa, galamala sindinalakwitse, koma woyesa anandiuza kuti ndibwereze." Nthawi zambiri vuto silikhala lembo lomwe munthu watchula molakwa. Limakhala phatikizo lomwe waikapo mphamvu.

Mmene khutu la Chingerezi limagwirira mawu

M'Chingerezi liwu lililonse la maphatikizo angapo lili ndi phatikizo limodzi lotsindikidwa. Phatikizoli limatalika, limamveka mokweza, mawu amasintha kukwera kwake, ndipo vawelo yake imatuluka yonse. Maphatikizo otsala amafupika, ndipo mavawelo awo amafooka mpaka kungokhala kaphokoso kakang'ono kosadziwika bwino ngati ndi a kapena e. M'liwu lakuti *banana* muli ma a atatu, koma wapakati yekha ndi amene amamveka bwino. Woyamba ndi womaliza amangodutsa.

Munthu wozolowera Chingerezi amadalira maphatikizo amphamvuwa kuti adziwe pamene liwu layambira. Mu 1987 Anne Cutler ndi David Carter adawerenga mawu a m'macheza a anthu a ku Britain, ndipo adapeza kuti pafupifupi mawu 9 mwa 10 alionse onyamula tanthauzo, monga maina ndi aneni, amayamba ndi phatikizo lamphamvu. Choncho khutu la womvera likamva phatikizo lamphamvu limaganiza kuti mwina liwu latsopano layamba. Mukatsindika polakwika, womvera amadula liwu lanu pakati n'kuyamba kufufuza mawu awiri omwe simunanene. Akamazindikira chomwe mumatanthauza, inu mwafika kale pa chiganizo china.

John Field adayesa zimenezi pa kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2005. Adasuntha dala kutsindika m'mawu a maphatikizo awiri n'kumvetsera anthu. Omvera adavutika kuzindikira mawuwo, ndipo vuto lidakula kwambiri pamene kutsindika kudasunthidwa kupita kumapeto kwa liwu kusiyana ndi pamene kudasunthidwa kupita koyambirira. Izi zikutikhudza ife, chifukwa zilankhulo zathu ziwiri zija zimatikokera kumapeto komweko.

Chinyanja ndi Chipwitikizi zimatikokera kuti?

M'Chinyanja phatikizo lililonse limathera ndi vawelo, ndipo mavawelo onse asanu amamveka bwino paliponse pamene ali. Palibe vawelo yofooka. Timasiyanitsa mawu ena pokweza kapena kutsitsa liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika. Komanso tikamamaliza chiganizo timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nenani kuti "Ndikupita kusukulu" ndipo mumva kuti ku wa mu "sukulu" wakokedwa.

Chipwitikizi chili nako kutsindika, ndipo nonse mukudziwa kuti *secretária* ndi mlembi pamene *secretaria* ndi ofesi. Apa chimatithandiza, chifukwa ana amadziwa kale kuti kusuntha mphamvu kumasintha liwu. Chimatipusitsa pa mawu ofanana ndi a Chingerezi. Taonani liwu lakuti kalendala. M'Chinyanja timakoka nda, m'Chipwitikizi *calendário* mphamvu ili pa *dá*, koma m'Chingerezi ndi *CAL-en-dar*, mphamvu poyambirira. Zilankhulo ziwiri zikukokera mbali imodzi, Chingerezi mbali ina. Chimodzimodzi *hospital* ndi *animal*: kalembedwe n'kofanana, koma Chipwitikizi chimatsindika phatikizo lomaliza pamene Chingerezi chimatsindika loyamba.

Tiyese chiganizo chimodzi

Tiyerekeze kuti woyesa wafunsa mwana za banja lake, ndipo mwanayo akufuna kunena kuti mayi ake akhala akugwira ntchito pachipatala kwa zaka 13:

*My mother has been working at the hospital for thirteen years.*

Chiganizochi chili ndi maphatikizo 16, koma chimagunda kasanu kokha:

*my MOther has been WORKing at the HOSpital for THIRteen YEARS*

Timawu tating'ono monga *has*, *been*, *at*, *the* ndi *for* timapanikizika pakati pa magundowo. Zili ngati ng'oma imene ili ndi kugunda kwakukulu kumene ovina amapondera, ndi timagundo tofulumira todzaza pakati.

Tsopano mverani zomwe zimachitika mwana akachinena ndi kayendedwe ka Chinyanja. Choyamba amawonjezera vawelo kumapeto kwa mawu othera ndi konsonanti, monga "ati" m'malo mwa *at* ndi "wekingi" m'malo mwa *working*. Maphatikizo aja 16 amapitirira 20, ndipo onse amatenga nthawi yofanana. Woyesa sapeza poti agwire, chifukwa palibe liwu lomwe laonekera pamwamba pa anzake.

Chachiwiri, *hospital* amaitchula mwa Chipwitikizi, mphamvu pa *tal*. Khutu la woyesa limayembekezera *HOS*, koma limamva kaphokoso kofooka kenaka *TAL* wamphamvu, ngati liwu latsopano.

Chachitatu n'chimene chimasintha uthenga weniweni. Liwu lakuti *for* likakhala m'kati mwa chiganizo limafooka. Mukalitchula lonse ndi mphamvu limamveka chimodzimodzi ndi *four*, nambala 4. Pamwamba pa apo, ngati *teen* wafupika ndipo n wakumapeto sanamveke, *thirteen* imasanduka *thirty*. Woyesa akumva 4 kenaka 30, ndipo sakudziwa ngati mayiwo agwira zaka 4, 13 kapena 30. Mwanayo sanalakwitse galamala ngakhale pamodzi, koma funso "Pepani, zaka zingati?" labwera.

Pa manambala amenewa pali chinthu chimodzi chofunika kusamala pophunzitsa. Mabuku ambiri amati *thirTEEN* mphamvu kumapeto, *THIRty* mphamvu poyamba. Izi n'zoona liwulo likakhala palokha kapena kumapeto kwa chiganizo. Koma likatsatiridwa ndi liwu lina lamphamvu monga *years*, kutsindika kumabwerera poyambirira kuti magundo awiri asawombane. Zikatero chosiyanitsa 13 ndi 30 chimakhala kutalika kwa *teen* ndi n wake. Muwauze ana kuti asameze n ameneyu.

Liwu lofunika kwambiri m'chiganizo

Mwa magundo asanu aja, limodzi limaposa onse, ndipo limagwera pa uthenga watsopano kapena pa chinthu chomwe mukukonza. Woyesa akafunsa ngati ndi bambo amene amagwira pachipatala, yankho liyenera kukweza *MOther*. Akafunsa ngati mayiwo amagwira pasukulu, likweze *HOSpital*. M'Chinyanja ntchito imeneyi timaigwira nthawi zambiri posintha mawu, monga kunena kuti "Ndi amayi amene amagwira pachipatala." Chingerezi chingasiye mawu mmene alili n'kungosuntha mphamvu. Mwana amene watsindika liwu lolakwika amamveka ngati sanamve funso.

Laura Hahn adaonetsa kulemera kwa izi mu 2004. Ophunzira a ku America adamvetsera phunziro limodzi lomwelo kuchokera kwa munthu mmodzi wa chilankhulo china, lojambulidwa m'njira zitatu: kutsindika koyenera, kutsindika kolakwika, ndi kopanda kutsindika. Amene adamva njira yoyamba adakumbukira zambiri ndipo adamuyamikira wolankhulayo kuposa ena aja.

Pa mayeso a IELTS gawo lolankhula limatenga mphindi 11 mpaka 14, ndipo katchulidwe ndi chimodzi mwa zinthu zinayi zolemera mofanana zomwe woyesa amapatsira malikisi. Zina ndi kulankhula mosadodoma ndi molongosoka, kuchuluka kwa mawu, ndi galamala. Woyesa safuna kuti mumveke ngati munthu wa ku London. Amayang'ana ngati akukumvani mosavutika.

Mmene mungadziwire vuto ndi kulikonza

Njira yosavuta ndi kung'ung'udza. Tsekani pakamwa munene chiganizo chija ndi "mmm" yekha. Ngati chikumveka ngati madontho a mvula ofanana, kayendedwe kake n'ka Chinyanja. Chiyenera kukhala ndi magundo asanu oonekera. Njira ina ndi kujambula mwana pa foni, n'kupatsa mnzanu amene sanaone chiganizocho kuti alembe zomwe wamva kamodzi kokha. Pamene walemba liwu lina kapena wasiya mpata, yang'anani kaye kutsindika musanayambe kukonza malembo.

Pokonza, yambani ndi mawu amphamvu okha. Ana anene *mother, working, hospital, thirteen, years* akuwomba m'manja kasanu. Kenaka lowetsani timawu tating'ono tija popanda kuchedwetsa kuwomba m'manjako. Kuti akwanitse adzakakamizika kufupikitsa *has been* ndi *at the*, ndipo ndicho mukufuna. Ana ambiri amakweza mawu mosavuta koma amavutika kufooketsa, chifukwa amaona ngati kumeza vawelo ndi ulesi. Auzeni kuti m'Chingerezi ndiwo malankhulidwe oyenera.

Liwu latsopano lililonse lilowe m'kope limodzi ndi kutsindika kwake. Madikishonale ambiri amaika kachizindikiro aka ˈ patsogolo pa phatikizo lamphamvu, osati pamwamba pa vawelo monga m'Chipwitikizi. Lamulo limodzi lodalirika ndi lakuti mawu othera ndi *-tion* amatsindika phatikizo lomwe lili patsogolo pa mathero amenewo: *eduCAtion*, *inforMAtion*. Apa chizolowezi cha Chinyanja chokoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto chimathandiza, pamene *educação* ya Chipwitikizi imasocheretsa.

Malire ake

Si kusuntha kulikonse komwe kumasokoneza. Mawu ena monga *adult* ndi *garage* amatsindikidwa mosiyana ku Britain ndi ku America, ndipo njira zonse ziwiri n'zovomerezeka. Komanso Jennifer Jenkins, m'buku lake la mu 2000, adati pakati pa anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho, kutsindika kwa m'kati mwa liwu sikusokoneza kwambiri ngati kutsindika liwu lolakwika m'chiganizo. N'chifukwa chake mwana wa ku Angonia angachezeke bwinobwino m'Chingerezi ndi mnzake wa ku Dedza, amene amakoka maphatikizo mofanana naye, koma n'kuvutika pamaso pa woyesa wa khutu lina.

Ngati nthawi ya phunziro ndi yochepa, musayambe ndi kulimbana ndi *th*. Tengani mawu khumi amene ana adzawafunadi pofotokoza za banja, sukulu ndi mudzi wawo, makamaka ofanana ndi a Chipwitikizi, mukonze kutsindika kwake, kenaka muwaike m'ziganizo zowombera m'manja.