Chitsulo cha katani chikamazuka pakhoma, vuto limakhala pamene parafuzo yagwira

Akagulitsa fodya ndi chimanga, mabanja ambiri ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba amagula makatani atsopano n'kupachika pa mazenera. Pakangotha miyezi yochepa, chitsulo chopachikapo katani, chimene ena amachitcha varawu, chimayamba kuwerama mbali imodzi, kenako chimagwa pamodzi ndi chibenthu cha pulasitala. Ambiri amaganiza kuti katani walemera. Koma nthawi zambiri vuto limakhala lakuti parafuzo inagwira pulasitala yekha, sinafike mu njerwa.

Mwachitsanzo, nyumba ya njerwa zootcha zomangira dothi ikhoza kukhala ndi pulasitala wa simenti wochindikala mamilimita 20. Mwini nyumba akagula busha, kapulasitiki kaja kolowetsa m'bowo, kotalika mamilimita 30, ndiye kuti mamilimita 10 okha ndiwo alowa mu njerwa. Zitsulo zogwira varawu zimatulukira kutsogolo kwa khoma, choncho munthu akamakoka katani m'mawa ndi madzulo, parafuzo yapamwamba imakokedwa kunja pang'onopang'ono. Chizindikiro choyamba ndi fumbi logwera pazenera ndi mng'alu wozungulira chitsulocho.

Bowo lakale silibwezeretsedwanso busha, chifukwa m'mbali mwake mwafumbutuka kale. Kuikamo timitengo ta machesi kapena pepala kumangochedwetsa kugwa. Bowolo litsekedwe ndi simenti, muyezo umodzi pa miyezo itatu ya mchenga, ndipo latsopano libooledwe masentimita 5 kapena kuposerapo kuchokera pamenepo.

Fumbi lotuluka pobowola ndilo limanena zimene zili kuseri kwa pulasitala. Loyamba limakhala lotuwa, ndiye pulasitalayo. Likasintha n'kukhala lofiira, buroka yalowa mu njerwa yootcha, ndipo malowo ndi abwino. Koma buroka ikangolowa mosavuta n'kutulutsa dothi lofewa, yagwera pamzere wa pakati pa njerwa. Pamenepo busha singagwire, ndipo wobowola ayenera kukweza kapena kutsitsa bowo ndi masentimita 3 kapena 4, mbali zonse ziwiri za zenera mofanana. Asabowolenso molunjika pamwamba pa switchi kapena soketi, chifukwa nthambo za magetsi zimadutsa m'menemo.

Pa khoma la njerwa zootcha lija, busha ya mamilimita 8 yotalika mamilimita 65 imalowa mu njerwa ndi mamilimita 45. Imafuna buroka ya mamilimita 8, bowo lakuya mamilimita 80, ndi parafuzo ya mamilimita 5 yotalika 80. Ngati m'sitolo muli busha zazifupi zokha, monga za mamilimita 40, busha ikankhidwe mkati mpaka idutse pulasitala yense, parafuzo ikhale yaitali yomweyo. Njerwa zootchedwa m'mauvuni a m'midzi nthawi zambiri zimakhala zofewa, choncho makina obowolera asaikidwe pomenya ngati hamala, chifukwa amakulitsa bowo. Fumbi lichotsedwe m'bowo busha isanalowe. Busha yoyenera imalowa pomenyedwa pang'ono ndi hamala, ndipo ikalowa ndi chala chokha, bowo lakula. Parafuzo ikamangozungulira osalimba, ndiye kuti sinagwire kanthu.

Nyumba za mabuloko a simenti, monga zina za m'tauni ya Cuamba, zili ndi vuto lina: buloko ili ndi mphako mkati. Buroka imalimbana pang'ono, kenako n'kugwera m'malo opanda kanthu. Apa pamafunika busha imene imadzipinda ngati mfundo kuseri kwa khoma la buloko parafuzo ikamamangidwa. Pamwamba penipeni pa zenera pamakhalanso mtanda wa konkire. Umagwira bwino kwambiri, koma umafuna makina omenya, ndipo buroka ikagunda chitsulo cha mkati mwake, bowo lisunthidwe.

Khoma la zidina siligwira busha ya mtundu uliwonse, ngakhale litapakidwa simenti. Njira yodalirika ndi kuika thabwa lalitali pamwamba pa zenera, lomangidwa ndi mabawuti awiri odutsa khoma lonse, ndi kathabwa kena kunja kotchinga kuti nati isalowe m'dothi. Zitsulo za katani zimamangidwa pa thabwalo ndi maparafuzo a matabwa. Kumene kulibe magetsi, njira imeneyi imathekanso, chifukwa chidina chimabooleka ndi chobowolera chamanja.

Varawu ikapitirira mamita awiri, pafunika chitsulo chachitatu pakati. Katani asanapachikidwe, mwini nyumba akoke chitsulo chilichonse ndi dzanja mwamphamvu. Chikagwedezeka ngakhale pang'ono, kapena fumbi likagwa, bowo lisinthidwe tsiku lomwelo, chitsulo chisanadzagwere mwana wosewera pansi pa zenera.