Seva yatha manambala: tanthauzo la uthenga wa `Too many open files`

Tiyerekeze kuti sukulu ina yaukachenjede yatulutsa zotsatira za mayeso pa intaneti. Ophunzira m'maboma onse atenga mafoni awo nthawi imodzi. Poyamba zonse zikuyenda bwino, koma patapita mphindi zochepa tsamba layamba kungozungulira osatsekuka. Woyang'anira makompyuta akuthamangira kukaona seva, kompyuta yaikulu imene imasunga tsambalo. Akupeza kuti magetsi alipo, memore sinadzaze, disiki ili ndi malo, ndipo makinawo sakuvutika n'komwe. Chimene chikuoneka ndi mzere umodzi wokha umene ukubwerezedwa m'fayilo yolembamo zochitika:

```
accept4() failed (24: Too many open files)
```

Uthengawu ukunena kuti mafayilo otsegulidwa achuluka mopyola muyeso. Funso limene limabwera msanga ndi lakuti, mafayilo ake ati, poti anthuwa akungofuna kuona zotsatira zawo? Yankho lagona pa m'mene makompyuta a Linux amawerengera zinthu zimene pulogalamu yatsegula.

Amene munagulapo zinthu m'sitolo zazikulu za m'tauni mukudziwa kuti chikwama chimatsala pakhomo. Mlonda amachiika pashelefu n'kukupatsani kachiphaso ka nambala. Inu simusunga chikwamacho, mumangosunga nambala, ndipo mukaibweza potuluka, mlonda amaipereka kwa wina amene akulowa. Mu Linux, mlonda ameneyu ndi kenelo, mtima wa dongosolo lonse la kompyuta. Pulogalamu ikafuna kuwerenga fayilo, imapempha kenelo kuti aitsegule, ndipo kenelo amaipatsa nambala yaing'ono. Nambalayi ndi imene akatswiri amaitcha fayilo disikiriputa. Kuyambira pamenepo, pulogalamuyo ikafuna kuwerenga kapena kulemba, imangotchula nambalayo.

Nambala zitatu zoyamba zili kale ndi eni ake. 0 ndi khomo lolandirira zolowa, 1 ndi lotulutsira zotsatira, ndipo 2 ndi lotulutsira mauthenga a zolakwika. Fayilo yoyamba imene pulogalamu yatsegula imatenga 3, yotsatira 4, choncho choncho. Nthawi zonse kenelo amapereka nambala yotsikitsitsa imene ilibe mwini, kotero nambala yobwezedwa siichedwa kugwiranso ntchito.

Dongosololi linachokera ku Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kuipanga ku Bell Labs, ku America, mu 1969. Mwambo wa Unix ndi wakuti zinthu zambiri zimatengedwa ngati mafayilo. N'chifukwa chake foni iliyonse imene yalumikizana ndi seva imadya nambala imodzi kudzera m'chimene amachitcha soketi. Kulumikizana ndi nkhokwe ya zotsatira kumadyanso nambala. Choncho "mafayilo" amene uthenga uja ukunena, ambiri mwa iwo ndi ophunzira aja ali pamafoni.

Ziphaso za mlonda zimatha, ndipo manambalanso ali ndi malire. Pulogalamu iliyonse imene ikuyenda ili ndi malire akeake, ndipo ndi awiri. Malire ofewa ndi amene akugwira ntchito panthawiyo, ndipo pa makompyuta ambiri a Linux amakhala 1024. Malire olimba ndi denga: pulogalamu ikhoza kukweza yokha malire ofewa mpaka kufika padengapo, koma kukweza denga lenilenilo kumafuna mphamvu za woyang'anira wamkulu. Mukhoza kuona malire onse awiri polemba izi:

```
ulimit -Sn
ulimit -Hn
```

Manambala akatha, kenelo amakana pempho lililonse latsopano ndi cholakwika nambala 24, chimene dzina lake ndi `EMFILE`. Ndi 24 yemweyo amene ali mumzere uja.

Tsopano tiwerengere za sukulu ija. Pulogalamu yake ili ndi manambala 1024. Atatu oyamba apita kale, imodzi yapita ku fayilo ya zochitika, ina ku soketi yodikirira alendo, ndipo tinene kuti 20 ndi zolumikizira ku nkhokwe. Atsala pafupifupi 1000. Tinenenso kuti wophunzira aliyense amadya awiri: imodzi ya foni yake, ina ya fayilo ya zotsatira imene ikutumizidwa kwa iye. Ndiye kuti malo alipo a anthu pafupifupi 500 panthawi imodzi.

Mawu ofunika apa ndi akuti "panthawi imodzi". Ngati pa sekondi iliyonse pakubwera anthu 100, ndipo aliyense akuthandizidwa m'masekondi 2, mkati mumakhala anthu 200 okha, amene agwira manambala 400. Palibe vuto. Koma netiweki ya mafoni ikayamba kuchedwa, munthu aliyense n'kumatenga masekondi 6, mkati mudzafunika kukhala anthu 600 ndi manambala 1200. Alendo sanachuluke, angochedwa kutuluka, koma malire apyoledwa kale. Amene analowa poyamba amapitiriza kuthandizidwa. Atsopano amaima pamzere umene kenelo amawasungira, ndipo kwa iwo tsamba limangozungulira. Zinthu zinanso zimayamba kulephera mosayembekezeka, chifukwa pulogalamuyo singathenso kutsegula chilichonse, ngakhale kulumikizana kwatsopano ndi nkhokwe yake.

Apa ndi pamene oyang'anira ambiri amagwa m'mbuna. Munthu amalowa m'seva, n'kulemba `ulimit -n 65536`, n'kuona kuti nambala yasintha. Amayambitsanso pulogalamu ija, koma vuto silichoka. Chifukwa chake n'chakuti malire ndi cholowa. Pulogalamu imawalandira pobadwa kuchokera kwa kholo lake, ndiko kuti pulogalamu imene yaiyambitsa. Lamulo la `ulimit` limasintha malire a shelo, zenera limene mukulembamo malamulo, ndi a ana amene sheloyo ibereke kutsogolo. Koma pa Linux wamakono, mapulogalamu ogwira ntchito usana ndi usiku amayambitsidwa ndi systemd, osati ndi shelo yanu. Mwapatsa cholowa mwana wa nyumba ina.

Mbuna yachiwiri ndi fayilo ya `/etc/security/limits.conf`. Ambiri amalembamo malire atsopano poganiza kuti akhudza kompyuta yonse. Koma fayiloyi imawerengedwa munthu akamalowa m'kompyuta ndi dzina lake, ndipo mapulogalamu amene systemd imayambitsa nthawi zambiri sadutsa pakhomo limenelo.

Choncho musafunse shelo, funsani pulogalamu imene ikudwalayo. Pulogalamu iliyonse yoyenda ili ndi nambala yoizindikiritsa, ndipo tinene kuti yathu ndi 2417. Lamulo loyamba m'munsimu likuonetsa malire ake enieni, lachiwiri likuwerenga manambala amene yagwira pakali pano:

```
sudo grep "open files" /proc/2417/limits
sudo ls /proc/2417/fd | wc -l
```

Ngati loyamba laonetsa 1024 ndipo lachiwiri layandikira 1024, matenda apezeka. Koma mankhwala musathamangire, chifukwa pali matenda awiri amene amaoneka mofanana.

Oyamba ndi kuchuluka kwenikweni kwa ntchito, monga tawerengera paja. Achiwiri ndi kudontha: pulogalamu imatsegula koma imaiwala kutseka, ngati anthu amene akutuluka m'sitolo ndi ziphaso m'thumba. Njira yosiyanitsira ndi kuwerenga manambalawo mobwerezabwereza, mwina mphindi zisanu zilizonse. Ngati chiwerengero chimakwera anthu akachuluka n'kutsika akachepa, ndi ntchito yachuluka. Ngati chikungokwera, osatsika ngakhale pakati pa usiku pamene palibe akutsegula tsamba, pali podontha. Chizindikiro china n'chakuti kuyambitsanso pulogalamu kumathetsa vuto kwa kanthawi, kenako limabwerera patapita nthawi yofanana ndi yoyamba ija.

Kuti muone chimene chikudontha, lembani `sudo ls -l /proc/2417/fd`. Mudzaona nambala iliyonse ndi chimene ikuloza. Mukapeza fayilo imodzimodzi ikuoneka kambirimbiri, ndiye kuti pali malo m'pulogalamu amene amaitsegula osaitseka. Mukapeza mizere yambiri ya `socket`, onani m'mene masoketiwo alili:

```
sudo ss -tanp state close-wait
```

Soketi imene ili pa `CLOSE-WAIT` ndi imene mbali inayo inatsazika kale, koma pulogalamu yanu sinatseke mbali yake. Kenelo sangaitsekere, chifukwa nambalayo ikadali m'manja mwa pulogalamu. Zoterezi zikakhala zochepa n'kumachoka, palibe chodetsa nkhawa. Zikakhala mazana ndipo sizikuchoka, vuto lili m'kalembedwe ka pulogalamu, kawirikawiri panjira imene imatsatidwa pakachitika cholakwika, pamene mlembi anaiwala kuika lamulo lotseka.

Kukweza malire pamene pakudontha ndi kutunga madzi ndi dengu. Ngati pulogalamu ikutaya manambala 10 pa mphindi, 1000 amatha m'mphindi 100. Mukakweza malire kufika 65536, vuto lomwelo lidzabwera pakatha masiku anayi ndi theka, mwina usiku wa Loweruka pamene aliyense akuganiza kuti zinakonzedwa.

Ngati mwatsimikiza kuti ndi ntchito yachuluka, kwezani malire kwa kholo lenileni. Tinene kuti pulogalamu yathu systemd imaidziwa ndi dzina lakuti `zotsatira.service`. Lembani `sudo systemctl edit zotsatira.service` ndipo muikemo mizere iwiri:

```
[Service]
LimitNOFILE=8192
```

Kenako iyambitseninso ndi `sudo systemctl restart zotsatira.service`, popeza malire atsopano amalandiridwa pobadwa. Ikayambanso imakhala ndi nambala yoizindikiritsa yatsopano, ndiye ipezeni n'kuonanso fayilo yake ya `limits` kuti mutsimikize. Nambala ya 8192 siyamatsenga. Yachokera pa kuwerengera kuja: tinafunika 1200 pa ola loipa, ndipo tasiya mpata wokwanira kangapo. Mapulogalamu ena alinso ndi malire awoawo. Mwachitsanzo, nginx ili ndi `worker_connections` ndi `worker_rlimit_nofile`, ndipo ziwirizi ziyenera kugwirizana ndi malire amene kenelo waika.

Mwina mungafunse chifukwa chimene 1024 sinangochotsedwa. Chifukwa chachikulu ndi njira yakale yotchedwa `select()`, imene mapulogalamu amagwiritsa ntchito poyang'anira masoketi ambiri nthawi imodzi. Pa Linux, njirayi imatha kugwira manambala ochepera 1024 basi, ndipo pulogalamu yoigwiritsa ntchito ikapatsidwa nambala yoposa apo ikhoza kuwononga memore yake n'kugwa. N'chifukwa chake mu 2018 olemba systemd anakweza malire olimba kufika 524288 koma ofewa anawasiya pa 1024. Pulogalamu yamakono, yogwiritsa ntchito `poll()` kapena `epoll`, ikhoza kudzikwezera yokha, pamene yakale imakhala yotetezeka.

Pali uthenga winanso wofanana nawo umene si bwino kuusokoneza: `Too many open files in system`, cholakwika nambala 23. Umenewu ukunena za malire a kompyuta yonse, amene ali mu `/proc/sys/fs/file-max`, ndipo `LimitNOFILE` siingathandize pamenepo. Werengani nambala ya cholakwika musanakhudze chilichonse.

Tibwerere kwa woyang'anira uja wa kusukulu. Zotsatira zidzatulukanso chaka chamawa, ndipo ntchito imene angaichite lero ndi yaing'ono. Aike kompyuta kuti izilemba chiwerengero cha m'chikwatu cha `fd` mphindi iliyonse pambali pa malire a pulogalamuyo, ndipo izimuchenjeza chikafika magawo atatu mwa anayi a malirewo. Akatero adzadziwa m'mawa, ophunzira asanayambe kuimba foni, ngati ziphaso zikubwezedwa kapena zikutsalira m'matumba.