Kodi mumadziwa?

Gawo lanu pakampani likhoza kuchepa musanagulitse sheya ndi imodzi yomwe. Tiyerekeze kuti kampani ili ndi masheya 1,000, anu ndi 100, kutanthauza 10 peresenti. Ikufuna ndalama, ndiye yatulutsa masheya ena 500, n'kupatsa eni ake akale mwayi wogula sheya imodzi pa masheya awiri alionse amene ali nawo. Mukagula 50 anuwo, muli ndi 150 mwa 1,500, gawo silinasinthe. Kalata yokudziwitsani za mwayiwo mukaisiya m'dilowa tsiku lomaliza n'kudutsa, 100 mwa 1,500 ndi 6.7 peresenti basi, mavoti anu achepa mphamvu.

Chopweteka n'chakuti masheya atsopanowa amakonda kutchipa. Akale akakhala pa K60, atsopano pa K30, mtengo wa onse umayembekezeka kutsikira pa K50. Ngati ndalama palibe, funsani ngati mwayiwo ukuloledwa kuugulitsa.