Ululu wa pachifuwa umene umachepa mukakhala tsonga

Tiyerekeze kuti mchimwene wanu wa zaka 35, wa ku Phalula, wagona masiku awiri ndi ululu wobaya pakati pa chifuwa. Akagona chagada amabuula. Akakoka mpweya wambiri kapena kutsokomola, zimakhala ngati wamulasa mpeni. Koma akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo, zigongono pa mawondo, amapezako bwino. Zimenezi musaiwale kuuza adokotala.

Mtima umakhala m'kathumba ka zikopa ziwiri zopyapyala, ndipo pakati pake pali timadzi tosaposa supuni zazikulu 3 toti zikopazo zizitererana. Kathumbaka kakatupa, zikopazo zimakhulana. Mapapo akafufuma amakakankha, kugona chagada kumakakoka, pomwe kuweramira kutsogolo kumakapatsa mpata. Madokotala amati perikadaitisi. Ululu wake umatha kufika pamwamba pa phewa, kufupi ndi khosi.

Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka, nkhani ndi ina. Vuto lili mkati mwa mnofu wa mtima umene wasowa magazi, choncho kutembenuka kapena kupuma sikusintha kanthu. Wodwala amati akumva ngati thumba la chimanga lamukhalira pachifuwa. Amatuluka thukuta lozizira, amachita nseru, ndipo ululu umatsikira kudzanja lamanzere kapena kukwera kunsagwada. Zikapitirira mphindi 15, pezani galimoto pamsewu wa M1 nthawi yomweyo, osadikira kuche. Asapalase njinga yekha.

Komatu kuyesa kwa kakhalidweku kuli ndi malire. Chibayo nachonso chimabaya munthu akamapuma. Odwala shuga, okalamba ndi amayi ena mtsempha umawatsekeka popanda ululu weniweni, amangobanika ndi kufooka. Ndiye zimene mwaona n'zothandiza adokotala, osati zogamulira mlandu pakhomo.

Kuno ku Malawi chimene chimadzaza madzi m'kathumbaka kawirikawiri ndi chifuwa chachikulu, makamaka mwa amene ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi. Chimabwera pang'onopang'ono: kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda. Apa pali msampha. Madzi akachuluka, zikopa zija zimaleka kukhulana ndipo ululu umatha kuchepa. Pakhomo mumati wachira, chonsecho madziwo akupanikiza mtima kuti usadzaze magazi bwino. Mukaona mitsempha ya m'khosi yatupa, miyendo ndi mimba zikutupa, munthu akupuma mobanika kapena akuchita chizungulire akaimirira, thamangani naye kuchipatala.

Ku chipatala chaching'ono cha Phalula adzamumvetsera pachifuwa, kufunafuna phokoso la kukhulana kuja, ndipo angamutumize ku chipatala cha boma cha Balaka. Chimene chimaonetsa bwino madziwo ndi sikani ya mtima. Ngati ndi ambiri amawapopa ndi singano, ndipo chikakhala chifuwa chachikulu, mankhwala ake amamwa miyezi 6 osadumphitsa, ngakhale ululu utatha sabata yoyamba.