Mbale wa ng'ona ndani, ng'azi kapena nkhuku?

Amene anayendapo pa bwato mumtsinje wa Shire cha ku Liwonde anaziona nyama ziwirizi. Ng'ona imagona pamchenga kukamwa kuli yasa, kuwothera dzuwa, ndipo chapafupi ng'azi imayenda mozemba, lilime likutuluka ndi kubwerera, kufunafuna pamene ng'onayo inakwirira mazira. Zonse ziwiri zili ndi mamba, miyendo inayi yotambalalira m'mbali, mchira wautali, ndipo zonse zimadalira dzuwa kuti thupi litenthe. Mwana akaziona amanena kuti ng'azi ndi kang'ona kakang'ono, ndipo palibe angamudzudzule. Koma mukafunsa akatswiri a zamoyo kuti pakati pa ng'azi ndi nkhuku ya pakhomo panu, mbale wapafupi wa ng'ona ndani, onse adzayankha kuti ndi nkhuku. Yankho limeneli limachokera pa chithunzi china cha mizere chotchedwa kiladogiramu, ndipo munthu akadziwa kuchiwerenga amaona yekha chifukwa chake.

Dzinali linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza nthambi. Njira yake anaikhazikitsa ndi Willi Hennig, katswiri wa ntchentche wa ku Germany, m'buku lomwe linatuluka mu 1950, ndipo inafala kwambiri ntchito yakeyo itatuluka m'Chingerezi mu 1966. Kujambula kwake n'kosavuta, mungathe kuchita ndi kamtengo padothi. Lembani mzere umodzi kuchokera pansi, kenako uchite mphanda. Nthambi yakumanzere ichitenso mphanda, kunsonga imodzi mulembe ng'azi, kunsonga inayo njoka. Yakumanja nayonso ichite mphanda, kuno ng'ona, uko nkhuku. Akatswiri akamalemba mtengo womwewu pakompyuta amaulemba motere:

```
(('ng''azi',njoka),('ng''ona',nkhuku));
```

Nkhani yonse yagona pamphandapo. Mphanda iliyonse ikuimira kholo, ndiye kuti mtundu wa nyama umene unakhalapo kalekale, ana ake n'kugawikana magulu awiri omwe sanabwererane. Kuti mudziwe ubale wa nyama ziwiri, ikani chala pa iliyonse ndipo mutsike ndi mizere mpaka zala zikumane. Mukachokera pa ng'ona ndi pa nkhuku, zala zikumana msanga, pamphanda yoyamba. Mukachokera pa ng'ona ndi pa ng'azi, muyenera kudutsa mphanda imeneyo n'kutsikabe mpaka patsinde. Kholo la ng'ona ndi mbalame linakhalapo zaka pafupifupi 250 miliyoni zapitazo, pamene kholo lomwe ng'ona ikugawana ndi ng'azi ndi lakale kuposa pamenepo. Mawu oti ubale wapafupi pa kiladogiramu amatanthauza chimenechi basi: kholo lawo limodzi ndi laposachedwa.

Ife kwathu kuno sitiyenera kuvutika nalo ganizo limeneli, chifukwa ndi momwe timawerengera mbumba. Pamakhala mnyamata wofanana kwambiri ndi msuweni wake, msinkhu, khungu ngakhale kayendedwe, moti alendo amawayesa mapasa, pamene mchemwali wake weniweni safanana naye n'komwe. Koma pakagwa nkhani, ankhoswe safunsa nkhope. Amafunsa kuti anabadwa kwa yani. Mnyamatayo ndi mchemwali wake amakumana pa mayi, pamene iye ndi msuweni amakakumana pa agogo. Vuto la akatswiri ndi loti nyama zilibe agogo oti n'kuwafunsa, choncho ubale amaufufuza m'matupi momwemo. Ndiye ngati umboni ukuchokera m'thupi, n'chifukwa chiyani mamba ndi mchira sizikugwirizanitsa ng'ona ndi ng'azi?

Apa ndi pamene Hennig anathandiza. Iye anati kufanana kulipo kwa mitundu ingapo, ndipo umodzi wokha ndiwo umaonetsa mphanda. Pali kufanana kwa zinthu zakale, zomwe banja lonse linatengera kwa kholo la patsinde. Miyendo inayi ndi yotero, pakuti ngakhale chule ali nayo. Kudalira dzuwa kuti thupi litenthe n'kwakalenso, chule ndi chambo zimatero. Njira yodziwira kuti chinthu ndi chakale ndi imeneyo: mumayang'ana nyama ya kunja kwa gulu lomwe mukulifufuza, ndipo ngati nayonso ili nacho, ndiye kuti chinalipo gululo lisanagawikane. Chinthu chotere sichingatiuze kuti ndani ali pafupi ndi yani mkati mwa gulu, monga momwe mfunda umodzi sungakuuzeni kuti mwa a Phiri khumi omwe akhala pamaliro, obadwa bere limodzi ndi ati. Ng'ona ndi ng'azi zikufanana chifukwa zonse zinasunga maonekedwe akale. Mbalame ndizo zinasintha kwambiri, kumera nthenga, kutaya mano, miyendo yakutsogolo n'kusanduka mapiko, ndipo kusinthako kunabisa ubale wake koma sikunaufafanize.

Chomwe chimaonetsa mphanda ndi chinthu chatsopano, chomwe chinayamba mwa kholo limodzi n'kupita kwa zidzukulu zake zokha. Zotere zimakonda kubisala mkati. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amaidziwa nthutumba, chifu cha minofu yolimba chija chomwe mumapezeka timiyala. Ng'ona nayonso ili ndi chigawo cha chifu cha minofu yolimba chotero, ndipo imameza miyala. Ng'azi ilibe. Mtima wa nkhuku uli ndi zipinda zinayi zogawika bwino, wa ng'ona chimodzimodzi, pamene wa ng'azi ndi wa njoka uli ndi zitatu, chachitatucho chogawika pang'ono chabe mkati. Ndiye pali kulera. Ng'ona yaikazi imakumba dzenje pamchenga, kuikira mazira, ndi kuwalondera pafupifupi miyezi itatu. Ana akatsala pang'ono kuswa amalira ali m'dzira momwemo, monga amachitira anapiye, mayi n'kumva, kufukula, ndi kuwanyamula m'kamwa kupita nawo kumadzi. Ng'azi ya m'mitsinje yathu nthawi zambiri imaboola chulu, kuikira mazira mmenemo, n'kumapita osabweranso.

Tsopano yesani mitengo iwiri. Pa mtengo womwe ng'ona ili pamphanda imodzi ndi nkhuku, nthutumba inayamba kamodzi, mtima wa zipinda zinayi kamodzi, ana olira m'dzira kuitana mayi kamodzi. Kusintha katatu kwakwanira kufotokoza zonse. Pa mtengo womwe ng'ona ili ndi ng'azi, chilichonse mwa zitatuzi chiyenera kuti chinayamba kawiri, mwa ng'ona pakepake ndi mwa mbalame pakepake, kapena chinayamba kamodzi ng'azi n'kudzachitaya. Uku n'kusintha kasanu ndi kamodzi. Akatswiri amasankha mtengo wofuna kusintha kochepa, ndipo pa ntchito yeniyeni sawerenga zinthu zitatu koma mazanamazana, za m'mafupa ndi za mu DNA. Pa nkhani ya ng'ona ndi mbalame, mafupa akale ndi DNA zonse zinaloza kumodzi.

Pali msampha wachitatu, ndipo mtima womwewo ukuuonetsa. Mbuzi, mleme ndi munthu nazonso zili ndi mtima wa zipinda zinayi. Wina wongoyang'ana mtima wokha akhoza kuika mbuzi pamphanda ya nkhuku, makamaka poona kuti zonse ndi za magazi ofunda. Koma mukayang'anitsitsa, mtsempha waukulu wochoka mumtima umakhotera kumanzere mwa nyama zoyamwitsa, pamene mwa mbalame umakhotera kumanja, ndipo zinthu zina zambiri za m'chigaza ndi mu DNA zikukana ubale wapafupiwo. Mtima woterewu unayamba kawiri, m'mabanja awiri osiyana. Mapiko a mleme ndi a mbalame ndi nkhani yomweyo: la mleme ndi khungu lotambasuka pa zala zazitali, la mbalame ndi nthenga zomera pamkono wa zala zolumikizana. N'chifukwa chake chinthu chimodzi pachokha sichiweruza mlandu. Ngakhale kulera kuja sikuima kokha, pakuti nsato nayonso imafungatira mazira ake.

Ine chomwe chimandikopa pa njira imeneyi n'choti imalola kukonzedwa poyera. Mapapo a mbalame ndi achilendo: mpweya umayenda njira imodzi m'timachubu take, osati kulowa ndi kubwerera momwemo monga mwa ife. Mu 2010, Colleen Farmer wa pa yunivesite ya Utah ku America ndi mnzake anaonetsa kuti mwa ng'ona za ku America mpweya umayendanso chotero. Zinaoneka ngati chizindikiro china cha mphanda ya ng'ona ndi mbalame. Patangopita zaka zochepa, gulu lake lomwelo linapeza kayendedwe ka mpweya kotereka mwa mtundu wina wa ng'azi wa kuno ku Africa. Mtengo sunagwe ayi, chifukwa unaima pa umboni wina wambiri, koma chizindikirocho chinasiya kukhala cha mphanda ya pamwamba yokha. Mwina n'chakale, cha patsinde pa onse, mwina chinayamba kawiri. Kiladogiramu ndi ganizo lomwe umboni walero ukulichirikiza, ndipo chigaza chimodzi chofukulidwa kumene chikhoza kusuntha nthambi.

Zolakwa zomwe anthu amachita powerenga chithunzichi n'zodziwika. Ambiri amawerenga mayina a kunsonga kuchokera kumanzere kupita kumanja ngati mzere wa kusukulu, n'kumati oyandikana ndiwo apachibale. Pa chithunzi chathu chija njoka yayandikana ndi ng'ona, koma mphanda iliyonse ikhoza kutembenuzidwa popanda kusintha tanthauzo. Sinthanitsani ng'ona ndi nkhuku, ndipo njoka ipezeka pafupi ndi nkhuku, mtengo uli womwewo. Ena amayeza kutalika kwa mizere ngati zaka, pamene pa kiladogiramu wamba mzere wautali sutanthauza kanthu. Kulakwa kwakukulu n'kunena kuti nkhuku inachokera kwa ng'ona. Zonse ziwiri zili kunsonga, zonse ndi za lero, ndipo chilichonse chayenda ulendo wa zaka zofanana kuchokera pamphanda. Kholo lija silinali ng'ona, silinalinso mbalame, ndipo chithunzicho sichilitchula dzina.

Mukadzafika ku Karonga, kalowe m'nyumba yosungiramo zinthu zakale mukaone chithunzithunzi cha mafupa a Malawisaurus, dainoso wa khosi lalitali yemwe mafupa ake anafukulidwa m'boma lomwelo ndipo anapatsidwa dzina limeneli mu 1993. Poliyang'ana, chinyama cha miyendo inayi ndi mchira wautali, mtima umafuna kuliika pamodzi ndi ng'ona ndi abuluzi. Ikani chala pa ilo ndi pa nkhuku, mutsike ndi mizere. Zala zikumana pa kholo la madainoso, pamwamba pa mphanda yomwe ng'ona inapatukira, ndipo ng'azi ili patali kuposa pamenepo.