Ziro ikatsitsa avereji ya malonda mu Excel

Wogulitsa m'golosale walemba mu Excel ndalama zimene wapeza tsiku lililonse, kuyambira pa B2 mpaka B7: 12000, 0, 18000, kabokosi kopanda kanthu, 15000, 0. Maziro awiriwo ndi masiku amene sitolo sinatsegulidwe, pomwe kopanda kanthuko ndi tsiku limene anaiwala kulemba.

Akagwiritsa ntchito AVERAGE, yankho ndi 9000. Fomula imeneyi imadumpha kabokosi kopanda kanthu, koma ziro imaitenga ngati nambala yeniyeni, ndiye yagawa 45000 ndi 5. Apa ambiri amasokonezeka poganiza kuti ziro ndi kusalemba kanthu n'chimodzimodzi.

AVERAGEIFS imafuna kuiuza choti isankhe:

```
=AVERAGEIFS(B2:B7,B2:B7,"<>0")
```

B2:B7 yoyambayo ndi manambala ofunika avereji, yachiwiriyo ndi pamene Excel ikayang'ane lamulo, ndipo "<>0" akutanthauza chilichonse chosafanana ndi ziro. Tsopano 45000 yagawidwa ndi 3, yankho ndi 15000.

Ena amalemba ">0" m'malo mwake. Pa malonda awa palibe kusiyana, koma mukadakhala nambala yotsika kuposa ziro, monga tsiku loluza, lamulo limeneli likadaitaya mwakachetechete. Ndipo mzere wonse ukakhala maziro okhaokha, pamatuluka #DIV/0! chifukwa palibe chogawa.

Musanachotse maziro, dzifunseni chimene akuimira. Ngati sitolo inali yotsegula koma sipanabwere wogula, ziroyo ndi yoona, ndipo 15000 ingakunamizeni kuti bizinesi ikuyenda bwino. Pamenepo fomula yoyenera ndi AVERAGE.