Ngongole ya K100,000: ku banki m'khonde kapena ku bungwe?

Tiyerekeze kuti mayi wogulitsa kaunjika akufuna K100,000 yokapikulira belo, ndipo adzabweza pakatha miyezi itatu. Gulu lake la banki m'khonde limakongoza pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, monga achitira magulu ambiri. Akamapereka K20,000 mwezi uliwonse, n'kudzabweza mpamba wonse kumapeto, ngongoleyo yamudyera K60,000.

Mabungwe obwereketsa ndalama, monga FINCA kapena CUMO, aliyense ali ndi mitengo yake, koma tingoyerekeza bungwe lomwe likuti 6 peresenti pamwezi. Pa miyezi itatu ndi K18,000. Likadulanso K4,000 ya mafomu ndi inshulansi, mayiyo anyamuka ndi K96,000, ndipo zonse zamudyera K22,000. Chofunika kufunsa n'chakuti chiwongoladzanjacho akuwerengera pa ndalama yonse kapena pa yotsala. Ngati n'pa yonse, mwezi wachitatu mayiyo akulipirabe za K100,000 pomwe zambiri adabweza kale, choncho 6 peresenti ija yabisa mtengo weniweni. Ngakhale zili choncho, bungwe latchipa.

A m'khonde amayankha msanga kuti: “Chiwongoladzanja chathu chimabwerera kwa ife tomwe pogawana.” N'zoona, koma chimabwerera kwa yani? Phindu limagawidwa potsata masheya, osati potsata yemwe adakongola. M'gulu la anthu 20 a masheya ofanana, pa K60,000 ya mayi uja yake ndi K3,000 basi. Zina adzazipeza pokhapokha anzakenso atakongola mofanana naye n'kubweza. Wa masheya ochepa koma wokongola pafupipafupi amangolemeretsa anzake. N'chifukwa chake magulu ena amakakamiza aliyense kukongola, lamulo lomwe ine ndimaliona ngati msampha, chifukwa munthu wopanda geni amatenga ndalamayo n'kugulira ndiwo.

Choopsa cha m'khonde chimabwera ukalephera. Chiwongoladzanja chosaperekedwa amachiphatikiza ku mpamba, ndiye K100,000 imasanduka K120,000, kenako K144,000, mwezi wachitatu K172,800. Odzalanda mbuzi kapena kusasula malata ndi anthu omwe umatunga nawo madzi pamjigo. Komanso msungichuma akathawa ndi bokosi, palibe inshulansi yokubwezerani. Komabe anzako amamva za maliro ndi matenda, ndipo angathe kukudikira.

Mabungwe amayang'aniridwa ndi Banki Yaikulu ya Malawi, ndipo pamakhala pepala losainirana, koma tsiku lobweza silisuntha. Gawo loyamba limafunika kaunjika asanathe, ndiye mpamba umayamba kuchepa msanga. Ngati mwakongola pagulu, mnzanu akathawa ngongole yake mumasonkherana otsala, ndipo dzina la wolephera lingathe kukalembedwa kumalo osunga mbiri ya ngongole, mabanki n'kuyamba kumukana.

Mayiyo akayamba kutapa m'khonde pa 20 peresenti kuti akatseke gawo la ku bungwe la 6 peresenti, ndiye kuti geni yasiya kubweza yokha ngongole, ndipo wachitatu womukongoza amakhala wakatapila.